Penti wa kunja kwa nyumba: wosasuluka msanga, wosawotcha khoma

M'madera momwe mukumangidwa nyumba zatsopano ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, mtundu womwe watchuka zaka zino ndi wotuwa woderapo, uja ena amati wa makala. Nyumba ikangopentedwa kumene imaoneka yapamwamba zedi, makamaka ikakhala ndi malata akuda ndi mafelemu oyera. Koma pakadutsa zilimwe ziwiri kapena zitatu, khoma loyang'ana kumadzulo limayamba kumbuwa mwamawangamawanga, ndipo wogona m'chipinda cha kuseri kwa khomalo amangotembenuka ndi thukuta mpaka pakati pa usiku.

Eni nyumba ambiri amaona ngati awa ndi mavuto awiri osiyana. Kusulukako amati mmisiri anawabera penti, kutenthako amati ndi mmene Okutobala amakhalira. Zoona zake n'zakuti zonse ziwiri zimayambira pa kauntala ya sitolo ya hadiweya, tsiku lomwe munthu amaloza mtundu pa khadi ndi kufunsa ndowa yotsika mtengo. Mtundu ndiwo umalamula kutentha kwa khoma. Zomwe zasakanizidwa m'ndowamo ndizo zimalamula zaka zomwe mtunduwo udzakhalepo.

Zomwe dzuwa limachita pa khoma

Kuwala kwa dzuwa komwe kumafika pansi kuli ndi magawo atatu. Gawo laling'ono kwambiri, pafupifupi 5 pa 100 iliyonse, ndi cheza chosaoneka chotchedwa UV. Ichi ndicho chimawononga penti, monganso chimaumitsira mapaipi ndi mipando ya pulasitiki yosiyidwa pabwalo. Gawo lachiwiri ndi kuwala komwe maso amaona. Gawo lachitatu, lomwe ndi pafupifupi theka la mphamvu yonse ya dzuwa, ndi cheza china chosaonekanso chotchedwa infuraredi, chomwe khungu limamva ngati kutentha.

Malawi ali pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera kwa ikweta, choncho dzuwa limawomba mwamphamvu chaka chonse. Ku Lilongwe limadutsa paliwombo penipeni kumapeto kwa Okutobala, kenakonso pakati pa Febuluwale. Malo okwera ali ndi vuto lina loonjezera: cheza cha UV chimakula ndi magawo pafupifupi 10 pa 100 munthu akakwera mamita 1,000 aliwonse. Lilongwe ali pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000, Mzuzu ndi Dedza ali pamwamba kuposa apo. Ndiye penti wa ku Dedza sapulumuka chifukwa choti kumazizira.

Makoma anayi a nyumba salandira dzuwa mofanana. M'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, dzuwa limapendekera kumpoto ndipo khoma la kumpoto limawombedwa pafupifupi tsiku lonse. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limadutsa pamwamba, denga n'kulandira lambiri, makoma a kummawa ndi kumadzulo n'kugawana lotsala. La kumadzulo ndilo limavutika kwambiri, chifukwa dzuwa limalipeza masana mpweya utatentha kale. Njerwa ndi pulasitala zimasunga kutenthako, n'kumakutulutsira m'chipinda pang'onopang'ono dzuwa litalowa. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, komwe kutentha kumapyola madigiri 40 m'miyezi imeneyi, khoma limodzi limenelo ndi lokwanira kulanda banja tulo.

Khoma limodzi, mitundu iwiri

Titenge nyumba ya mamita 10 mulitali ndi 8 mulifupi, makoma ake otalika mamita 3. Khoma lake la kumadzulo, ngati lili la mamita 8, ndi masikweya mita 24. Cha m'ma 3 koloko masana kukakhala kopanda mitambo, dzuwa limagwetsa mphamvu ya mawati pafupifupi 600 pa sikweya mita iliyonse ya khoma loimirira chotere. Pakhoma lonse ndi mawati 14,400.

Penti wa makala amameza magawo pafupifupi 85 pa 100 a mphamvuyo, kutanthauza mawati opitirira 12,000. Penti wa kirimu amabweza yambiri n'kumeza magawo pafupifupi 35 okha, omwe ndi mawati 5,000. Kusiyana kwake ndi mawati 7,000, mphamvu yofanana ndi ya maketulo amagetsi atatu kapena anayi atayatsidwa pamodzi n'kutsamira khomalo masana onse. Sikuti yonseyo imalowa m'nyumba, yambiri imabwerera kumpweya wa panja. Komabe pamwamba pa khoma lakudalo pamatentha ndi madigiri 15 kapena kuposerapo poyerekeza ndi lowalalo, ndipo gawo la kutenthako limadutsa njerwa.

Kutentha komweko kumafulumizitsanso kukalamba kwa penti. Khoma likamafufuma masana ndi kunyala usiku, tsiku ndi tsiku, pulasitala imachita timing'alu ting'onoting'ono momwe madzi amvula amalowera. Choncho mtundu wakuda umaluza kawiri.

Pali njira yodziwira zimenezi musanagule. Makadi ambiri a mitundu ya penti amakhala ndi zilembo LRV ndi nambala pambali pa mtundu uliwonse, kapena kuseri kwa khadi. Nambalayi imayambira pa 0 kulekeza 100, ndipo imanena kuchuluka kwa kuwala komwe mtunduwo umabweza. Woyera amakhala cha m'ma 85, kirimu cha m'ma 70, wa makala pansi pa 15. Kwa makoma a kumadzulo ndi kumpoto m'dera lotentha, mtundu wa nambala 60 kapena kupitirira ndi chisankho chabwino. Mitundu yodera ikhoza kupita pa mizere yokongoletsera, pa zipilala za khonde ndi pa makoma omwe amakhala pamthunzi.

Zomwe zili m'ndowa

Penti aliyense ali ndi zinthu zinayi: utoto womwe umapereka mtundu, guluu womwe umamata utotowo pakhoma, ufa wodzazira ngati choko, ndi madzi kapena mafuta omwe amauma n'kuchoka. Ndowa ziwiri zikhoza kukhala za mtundu umodzi ndi malita 20 omwewo, koma ina n'kukhala ndi guluu wambiri ndi utoto wabwino, inayo choko chambiri ndi madzi. Kusiyana kwa mtengo kumachokera pamenepa. Makampani ngati Plascon, Dulux ndi Rainbow amapanga penti wa magulu osiyanasiyana, wotsika ndi wapamwamba, choncho dzina la kampani palokha silinena kuti ndowayo ndi ya khoma la padzuwa.

Guluu ndiye amayamba kugonja. Cheza cha UV chimamudula pang'onopang'ono, ndipo akatha pamwamba, utoto ndi choko zimatsala zopanda chozigwira. Munthu akasisita khomalo ndi chikhatho, dzanja limachoka ndi ufa woyera. Ufa umenewo ndiwo umachititsa khoma lakuda kuoneka lombuwa, ngakhale utoto wake usanasinthe. Pa khoma la kirimu ufawo suoneka kwenikweni, pa la makala umaonekera patali.

Mwa mitundu ya guluu yomwe imapezeka m'masitolo, akiriliki ndiye amapirira dzuwa kuposa ena, makamaka yemwe walembedwa pa ndowa kuti ndi akiriliki yekhayekha ndipo ndi wa panja. Amatambasuka pang'ono khoma likafufuma, amalola chinyezi kutuluka, ndipo saopa ukali wa simenti. Penti wamadzi wotsika mtengo, uja anthu amangoti PVA, anapangidwira m'nyumba ndi siling'i. Akapakidwa panja amayamba kutulutsa ufa ndi kukokoloka ndi mvula mwamsanga. Mawu oti PVA amasokoneza, chifukwa m'masitolo ena amatchulira penti wamadzi aliyense, ngakhale wa akiriliki. Chofunika ndi kuwerenga pa ndowa, osati kungomva dzina pakamwa.

Ena amaganiza kuti penti wamafuta, popeza amanyezimira, ndiye wolimba pa khoma. Pa zitseko, mafelemu ndi zitsulo ali bwino. Pa pulasitala ya panja amauma gwa n'kuyamba kusweka, amatsekera chinyezi mkati, ndipo ukali wa simenti umamudya mpaka kumatuka.

Mitundu yochokera m'dothi

Utoto nawo uli m'magulu awiri. Wina umachokera ku miyala ndi zitsulo, wina umapangidwa m'mafakitale kuchokera ku mafuta a pansi. Wa gulu loyamba suwala kwambiri koma dzuwa siliutha. Kufiira kwa katondo kumachokera ku dzimbiri la chitsulo lomwe lili m'dothimo, ndipo dothi limenelo lakhala padzuwa zaka zosawerengeka osasuluka. Amayi omwe amakongoletsa makoma a kumudzi ndi dothi lofiira, lachikasu ndi loyera amadziwa kuti mvula ndiyo imalichotsa, dzuwa ayi. Dzimbiri la chitsulo ndilo limapereka mitundu ya kirimu, mchenga, khaki, njerwa ndi bulawuni m'penti wa m'sitolo.

Wofiira wowala kwambiri, wachikasu ngati ndimu, olenji, pinki ndi pepo nthawi zambiri amachokera ku gulu lachiwiri, ndipo ambiri mwa iwo amasuluka msanga. Umboni uli m'matireding'i senta m'mbali mwa msewu wa M1: pa magolosale opakidwa mitundu yotsatsa malonda, mbali ya padzuwa imakhala itasanduka pinki wotumbuluka pomwe kunsi kwa malata kudakali kofiira. Mtundu ukakhala wosakaniza utoto uwiri, umodzi ukhoza kutha msanga n'kusiya unzake. Ndi chifukwa chake nyumba yobiriwira nthawi zina imasanduka yabuluu pakapita zaka: wachikasu wapita, wabuluu watsala.

Utoto woyera wa penti wabwino ndi titaniyamu dayokusaidi. Ndiwo umabweza kuwala, umaphimba khoma bwino, ndiponso umatchinga guluu wa pansi pake ku cheza cha UV. Ndi wokwera mtengo, choncho penti wotchipa amakhala nawo wochepa. Mitundu yodera kwambiri nayonso imasakanizidwa m'penti woyambira yemwe alibe titaniyamu wambiri, kuti kuderako kuoneke.

Apa ndi pomwe mafunso awiri aja akumanirana. Mtundu wowala wa dothi, monga kirimu kapena mchenga, wosakanizidwa m'penti wa akiriliki wa panja, umabweza dzuwa lambiri komanso umachedwa kusuluka. Uli ndi ubwino wachitatu kuno kwathu: fumbi lofiira la m'chilimwe silionekera msanga ngati pa khoma loyera mbee. Matope othovukira mvula ikamagwa amathetsedwa ndi mzere woderapo m'munsi mwa khoma, wa theka la mita kapena kuchepera, monga amisiri akale ankachitira.

Penti "woziziritsa" ndi malire ake

Popeza theka la mphamvu ya dzuwa ndi infuraredi yosaoneka, akatswiri anapeza njira yopangira utoto wooneka wakuda m'maso koma wobweza gawo la infuraredi. Ofufuza a ku Lawrence Berkeley National Laboratory ku America anagwira ntchito yaikulu pa utoto woterewu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Penti wakuda wamba, wopangidwa ndi kaboni, amabweza magawo 5 okha pa 100. Wakuda wa mtundu watsopanowu amabweza cha m'ma 25 kapena 30. Ndi phindu lenileni kwa munthu yemwe sangasiye mtundu wodera, koma sakufikabe pa kirimu wamba. Nambala yoyenera kufunsa pa penti wotere ndi TSR, yomwe imawerengera kuwala konse kwa dzuwa kuphatikizapo kosaoneka. LRV imawerengera kooneka kokha.

Kumbali ya woyera, akatswiri a pa yunivesite ya Purdue analengeza mu 2021 penti wobweza magawo 98.1 pa 100, pomwe woyera wabwino wa m'masitolo amabweza pakati pa 80 ndi 90.

Wogulitsa akanena kuti penti wake amatchinga kutentha kuti kusadutse khoma, m'pofunika kusamala. Makoti awiri a penti wamba akauma amakhala opyapyala, osafika gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Chinthu chopyapyala chotero sichingatchinge kutentha. Chomwe penti angathe ndi kubweza dzuwa lisanamezedwe, basi.

Malire ena ndi denga. Pa nyumba yosasanja, malata amalandira dzuwa lambiri kuposa khoma lililonse, ndipo makoma a kirimu pansi pa malata akuda opanda siling'i sangapulumutse nyumba. Mzinda wa Ahmedabad ku India, komwe kutentha kwa mu 2010 kunapha anthu oposa 1,000, unakhazikitsa dongosolo lothana ndi kutentha mu 2013, ndipo mu 2017 unayamba kupaka laimu ndi penti woyera pa madenga a m'madera a anthu osauka. Anayambira padenga chifukwa ndi pomwe phindu lili lalikulu. Khoma la kumadzulo limathandizidwanso ndi khonde lotambalala kapena mtengo wa mthunzi, zomwe zimatetezanso pentiyo.

Laimu ndi njira yabwino kwa amene thumba silikulola. Amabweza dzuwa bwino ndipo alibe utoto woti usuluke, koma amakokoloka ndi mvula, choncho amafunika kubwereza chaka ndi chaka. Tsiku lomwe mwini nyumba adzafune penti, laimu yense ayenera kupalidwa, apo ayi pentiyo adzamatuka limodzi naye.

Masamu a ndowa

Penti wabwino amaonongeka kawirikawiri pa tsiku lopenta, ndipo nyumba ija ya mamita 10 ndi 8 ikuonetsa mmene zimachitikira. Kuzungulira nyumbayo ndi mamita 36. Kuchulukitsa ndi 3 ndi masikweya mita 108. Kuchotsa zitseko ndi mawindo n'kuonjezera timakoma tosongoka ta kudenga, patsala pafupifupi 100. Lita imodzi ya penti wa akiriliki imakuta masikweya mita 8 mpaka 10 pa pulasitala yosalala, koti imodzi. Makoti awiri ndi masikweya mita 200, omwe pa 8 pa lita akufuna malita 25. Pa pulasitala yokhakhala, ija yowaza, penti amalowa wambiri kuposa pamenepa. Ngati khoma ndi latsopano, pafunikanso malita 12 kapena 13 a pulaima wa pulasitala, yemwe amatchinga ukali wa simenti ndi kuletsa khoma kumwa penti.

Mwini nyumba akagula ndowa imodzi ya malita 20 n'kuuza mmisiri kuti ikwane, mmisiriyo amathira madzi. Opanga ambiri amalola madzi osapyola gawo limodzi mwa 10, kutanthauza malita 2 pa ndowa, ndipo nthawi zambiri pa koti yoyamba yokha. Kupyola apo penti amakuta khoma lonse, tsiku loyamba n'kuoneka bwino, koma ndi wopyapyala moti dzuwa limamutha pa nthawi yochepa. Chitsimikizo cha zaka zingapo chomwe makampani amalemba pa penti wawo wapamwamba chimadalira kutsatira malangizo a pa ndowa, kuphatikizapo pulaima ndi makoti awiri.

Pulasitala yatsopano imafuna masiku 28 kuti ikhwime ndi kuuma. Njira yosavuta yoyesera ndi kumata kapepala ka pulasitiki pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi, n'kukasiya usiku wonse. Mmawa kukapezeka mame mkati mwake, khomalo likadali ndi madzi. Nyengo yabwino yopentera ndi Meyi mpaka Ogasiti, mvula itasiya, kutentha kusanafike, pa tsiku lopanda mphepo ya fumbi. Mmisiri wodziwa amatsata mthunzi: khoma la kumadzulo mmawa, la kummawa masana. Penti wopakidwa pa khoma lotentha amauma asanamate. Pakati pa makoti awiri pamafunika maola omwe alembedwa pa ndowa, kawirikawiri anayi. Ngati ndowa zili ziwiri kapena zitatu za mtundu wosakanizidwa m'sitolo, ndi bwino kuzisakaniza zonse pamodzi musanayambe, chifukwa zimasiyana pang'ono ndipo kusiyanako kumaonekera pakati pa khoma.

Kuwerenga khoma

Si kuyera kulikonse pa khoma komwe kuli kusuluka, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Kusuluka kwa dzuwa kumakhala kofanana khoma lonse la padzuwa, pomwe kunsi kwa malata kumakhalabe ndi mtundu wake. Ufa wotsalira m'dzanja ndi guluu yemwe watha. Mawanga otumbuluka otuluka miyezi yochepa nyumba yatsopano itapentedwa ndi ukali wa simenti, chizindikiro choti pulasitala sinadikiridwe kapena pulaima anadumphidwa. Tinthu toyera ngati mchere m'munsi mwa khoma ndi mchere ndithu, wokwera ndi chinyezi kuchokera pansi, ndipo palibe penti yemwe angauthetse madziwo asanatsekedwe. M'madera a mvula yambiri ngati Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay, khoma la kummwera limadetsedwa ndi ndere ndi nkhungu, ndiye kumeneko penti wokhala ndi mankhwala oletsa nkhungu ndi wofunika.

Musanagule ndowa zazikulu, chitini cha lita imodzi cha mitundu iwiri kapena itatu chimayankha zambiri. Mtundu uliwonse upakidwe makoti awiri pa sikweya mita imodzi ya khoma la kumadzulo. Pakatha masiku angapo, cha m'ma 3 koloko masana, chikhatho chiikidwe pa uliwonse motsatizana, ndipo kusiyana kwa kutentha kumamveka popanda chipangizo. Padzuwa mtundu umaonekanso wowala kuposa pa khadi ya m'sitolo, choncho maso nawo amapeza mpata wosankha bwino. Kuyenda m'dera lomwelo n'kufunsa eni nyumba zopentedwa zaka zinayi kapena zisanu zapitazo kuti anagwiritsa ntchito penti wanji kumaonetsa mmene pentiyo amakalambira pa dzuwa ndi fumbi la kumeneko.

Ntchito ikatha, khoma limafuna kutsukidwa kamodzi pachaka ndi madzi, sopo pang'ono ndi bulashi yofewa, makamaka mu Seputembala kutentha kusanafike pachimake, chifukwa fumbi limachepetsa kuwala komwe penti amabweza. Dzanja likayamba kuchoka ndi ufa wambiri, khomalo litsukidwe, lisiyidwe liume, lipakidwe pulaima womata ufawo, kenako makoti awiri atsopano. Nthawi zambiri makoma a kumadzulo ndi kumpoto ndiwo amafika pamenepa poyamba, ndipo akhoza kupentedwa okha, enawo n'kudikira zaka zina.